Kalata yotseguka kwa akuluakulu a bungwe lathu: pepala la mafunso ndi mayankho a alawansi libwerere kaye pa tebulo

Bwana mkulu, mayi oyang'anira za chuma, ndi bambo oyang'anira za ogwira ntchito,

Ndikulemba kuchokera ku ofesi yathu ya ku Nkhotakota, komwe ntchito yanga ndi kulipira ndalama za maulendo ndi kulandira malisiti anthu akabwerako. Ndasankha kuti kalatayi ikhale yoti aliyense awerenge chifukwa nkhaniyi ikukhudza madalaivala, alangizi a kumudzi ndi onse amene amagona kutali ndi kwawo pa ntchito ya bungwe, ndipo ambiri a iwo sangakulembereni okha.

Ndondomeko yatsopano ya ndalama zoyendera ndi zogonera ndilibe nayo mkangano. Ndaiwerenga yonse, masamba 26, kawiri. M'malo ambiri ndi yachilungamo kuposa yakale. Chimene chandisowetsa mtendere ndi pepala la tsamba limodzi la mafunso ndi mayankho limene munatulutsa pofuna kuifupikitsa. Pepalalo linatipeza pa WhatsApp tsiku lomwelo limene ndondomeko inayamba kugwira ntchito, pamene buku lenilenilo linafika kuno patatha milungu iwiri. Ngakhale lero lili mu kabati yanga, ndipo mwa anthu 19 a pa ofesi pano amene analitsegula ndife awiri. Ena onse amadziwa zimene zili pa tsamba limodzi lija, limene tinamata pa khoma pafupi ndi pomwe timasainira pobwera m'mawa. Kwa iwo, pepalalo ndiye lamulo. Choncho mawu amodzi akalakwika pamenepo, ndalama zimatuluka molakwika, ndipo wolipira kulakwako amakhala munthu amene anawerenga ndi kumvera.

Ndifotokoze zimene zinachitikira mayi wina, mlangizi wathu wa alimi a mpunga, chifukwa nkhani yake ikuonetsa vuto lonse.

Mayiyu anaitanidwa ku maphunziro ku Senga Bay. Kuchokera pa boma la Nkhotakota kukafika pa boma la Salima ndi makilomita opitirira pang'ono 100 pa msewu wa M5, kenako nkuwonjezera ena pafupifupi 20 kutsikira ku nyanja. Maphunziro amayamba Lachiwiri 8 koloko m'mawa, ndipo aliyense amene anakwerapo minibasi pa msewu umenewu akudziwa kuti sungadalire kunyamuka tsiku lomwelo. Minibasi imadikira kudzaza, imaima pa Benga, imaimanso pa Khombedza. Motero ananyamuka Lolemba masana, nagona pa resitihausi ina pa boma la Salima, nalipira yekha bedi ndi chakudya. Lachiwiri ndi Lachitatu anagona ku hotela kumene okonza maphunziro analipira zonse, chipinda, tiyi, nkhomaliro ndi mgonero, zija timati fulubodi. Lachinayi anatseka msonkhano m'mawa, iye nkukwera, nkufika kwawo dzuwa litapendeka.

Asananyamuke anaima pa khoma paja nawerenga funso lachiwiri. Limati: ndidzalandira zingati ndikapita pa ulendo wa ntchito? Yankho lake ndi mzere umodzi, K60,000 pa tsiku. Anawerenga ndi zala, Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, masiku anayi, nalemba K240,000 pa fomu. Bwana wake anasaina, chifukwa nayenso anawerenga pepala lomwelo. Ine ndinalipira, chifukwa nthawi imeneyo buku linali lisanafike ndipo ndondomeko yakale inkawerengadi masiku. Dzanja langa lilipo pa kulakwa kumeneku ndipo sindikukana.

Koma ndondomeko yatsopano siiwerenga masiku. Ndime 4.1 ikuti K60,000 ndi ya usiku uliwonse umene munthu wagona kutali ndi malo ake a ntchito nkudzilipirira yekha pogona ndi chakudya. Ndime 4.3 ikuti ngati pogona ndi chakudya zalipiridwa kale ndi bungwe kapena ndi amene aitana, munthu alandire K10,000 yokha pa usiku, ya sopo, mayunitsi ndi zina zing'onozing'ono. Ndime 4.5 ikupereka K12,000 ya chakudya cha masana pa tsiku lobwerera, ngati palibe amene wamudyetsa. Tikawerenga motero, mayiyu amayenera K60,000 ya Lolemba usiku, K20,000 ya mausiku awiri a ku hotela, ndi K12,000 ya Lachinayi. Zonse pamodzi ndi K92,000, kupatula thiransipoti imene imawerengedwa payokha. Anali atatenga K240,000. Ndiye kuti K148,000 inasanduka ngongole.

Tsiku limene ndinamuuza ndimalikumbukira bwino. Anabwera ndi envulopu ya khaki, malisiti ake atawasanja bwinobwino nkuwamanga ndi kamphira, akuganiza kuti akungodzasiya mapepala. Nditamuonetsa ndime 4.3 anakhala chete kanthawi, kenako anadzuka, napita pa khoma, naika chala pa funso lachiwiri lija. Anati: "Achimwene, ndiye apa akutanthauza chiyani? Ine ndinawerenga apa." Ndinalibe chomuyankha. Ndalama yotsalayo anali atalipirira kale mwana fizi, poganiza kuti ndi yake, monga aliyense wa ife akanachitira. Tsopano ikudulidwa pa malipiro ake. Amati safunsa anadya phula, koma mayiyu anafunsa. Anafunsa pepala limene inu munatipatsa kuti tizilifunsa, ndipo linamuyankha zosakwanira.

Ndikuganiza kuti ndikudziwa mmene zinalakwikira. Amene anakonza pepalalo anauzidwa kuti zonse zikwane pa tsamba limodzi. Anatenga ndondomeko, nayenda nayo mutu ndi mutu, mutu uliwonse nkuusandutsa funso, ndipo posowa malo anadula mawu onse oyamba ndi "pokhapokha" ndi "kupatula ngati". Koma mu ndondomeko ya ndalama, mawu amenewo ndiwo anyamula katundu. Chiwerengero cha K60,000 aliyense anachimva kale m'makonde tsiku loyamba. Chimene munthu sachidziwa, ndipo chimene amafunira pepala, ndi nthawi imene salandira K60,000 imeneyo. Komanso mawu akuti tsiku anangolowa mwa chizolowezi, chifukwa kwa zaka zambiri takhala tikuti alawansi ya tsiku. Pamene ndondomeko yatsopano yasiyana ndi yakale ndi pamene pepala limayenera kukuwa kwambiri, ndipo ndi pomwepo linangodutsa.

Funso limenelo likanalembedwa motere. Kodi alawansi imawerengedwa pa tsiku kapena pa usiku? Pa usiku. Werengani mausiku amene mwagona kunja, osati masiku amene mwayenda. Usiku umene mwadzilipirira nokha ndi K60,000. Usiku umene ena akulipirirani pogona ndi chakudya ndi K10,000. Kenako chitsanzo chimodzi: mwanyamuka Lolemba, mwabwera Lachinayi, ndiye kuti mausiku ndi atatu. Pamapeto, m'zilembo zing'ono, ndime 4.1 ndi 4.3. Ndi mizere isanu yokha, ndipo mayi uja sakanakhala ndi ngongole.

Nambala ya ndime pamapeto pa yankho lililonse musaione ngati chokongoletsa. Imathandiza anthu awiri. Wowerenga akakayika amadziwa tsamba loti atsegule, m'malo mofufuza masamba 26. Wolemba pepala nayenso imamugwira dzanja, chifukwa yankho limene sangalipezere ndime ndiye kuti walitenga m'mutu mwake. Ndinayesa kuchita zimenezi ndi mafunso 14 amene ali pa pepala lathu, ndinakhala pansi Loweruka lina ndi pensulo, yankho lililonse nkulifunira kwawo m'buku. Khumi anagwirizana ndi buku. Atatu ananena zochepa kuposa zimene buku likunena. Limodzi linanena chinthu chimene m'bukumo mulibe.

Limodzi limenelo ndi la malisiti, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa likutiphunzitsa anthu kunama.

Pepala likuti ndalama iliyonse ya thiransipoti ibwere ndi lisiti, popanda lisiti palibe kubwezeredwa. Mwina ku Lilongwe zimenezi nzotheka, kumene munthu amathira mafuta pa filing'i siteshoni nkulandira kapepala kotuluka m'makina. Kuno mlangizi amatsika minibasi pa msewu waukulu, nkukwera kabaza wa njinga yamoto kulowa kumidzi, mwina nkuwolokanso pa bwato. Wa kabaza alibe buku la malisiti. Kondakitala wa minibasi ukamupempha lisiti amakuyang'ana ngati wamutukwana. Amene analemba ndondomeko amazidziwa zimenezi, chifukwa ndime 5.4 ikuti pamene lisiti silipezeka, wogwira ntchito alembe pa fomu yodzichitira umboni tsiku, kochokera, kopita, mtundu wa choyendera ndi ndalama zake, bwana wake asaine, malinga ngati sizipitirira K15,000 pa ulendo umodzi. Fomuyo ilipo, ili kumapeto kwa buku. Pepala la pa khoma silikuitchula nkomwe.

Chimene chachitika ndi ichi. Anthu akuopa kutaya ndalama zawo, choncho akugula timabuku ta malisiti m'magolosale nkumalemba okha, kapena kupempha mnzawo awalembere. Ine ndimaziona, sizivuta kuzindikira. Malisiti atatu a akabaza atatu osiyana, wina wa ku Dwangwa, wina wa ku Benga, koma manambala ake akutsatana, 041, 042, 043, cholembera chimodzi, dzanja limodzi. Ulendowo unachitikadi, ndalamazo analipiradi, munthuyo sanabe kalikonse. Koma tsiku limene owerengera za chuma adzafike nkutsegula mafayilo amenewa, adzaona malisiti abodza, ndipo dzina lidzakhala la mlangizi wosalakwa ndi langa ine wolandira. Chiyambire nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma mu 2013, imene tonse timaidziwa kuti Cashgate, aliyense wopereka thandizo amayang'ana lisiti ndi diso lokayikira. Ndondomeko yanu inatsegula khomo loyenera kuti munthu anene zoona, koma pepala linalitseka. Ndikupempha kuti funsolo lilembedwe monga mmene anthu amalifunsira pa windo langa: ndakwera kabaza ndipo sanandipatse lisiti, nditani? Yankho litchule fomu ija, malire a K15,000, ndi kumene fomuyo ikupezeka.

Apa pali chinthu china chimene ndiyenera kunena. Mafunso a pa pepala lathu si mafunso amene anthu amafunsa. Loyamba likuti cholinga cha ndondomekoyi nchiyani. Chiyambire ntchito imeneyi palibe dalaivala amene anaima pa windo langa kundifunsa cholinga cha ndondomeko. Funso limenelo ndi linzake lonena za amene anavomereza ndondomeko zatenga gawo lalikulu la pamwamba pa tsamba, malo amene maso amayambira. Mafunso enieni ali m'makope athu ife olipira a m'maboma, ndi m'mauthenga amene amatipeza usiku pa foni. Ndagona kwa achibale, kodi ndilandirabe? Msonkhano waimitsidwa ndili kale m'njira, ndibweze zonse? Andilipirira chipinda chokha koma chakudya ayi, ndilandira zingati? Ndalama mwanditumizira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, yodula potapa alipira ndani? Mutatifunsa ife a ku Nkhotakota, ku Salima ndi maofesi ena kuti aliyense atumize mafunso khumi amene amamva kawirikawiri, mudzaona kuti asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi akubwerezedwa paliponse. Amenewo ndiwo alowe pa tsamba, olemera kwambiri pa thumba la munthu akhale pamwamba. Tsamba limodzi likwana, bola tichotse zimene palibe akuzifuna.

Tsopano nkhani ya makilomita 50, imene ndiyovuta kuposa zonsezi chifukwa pamenepa vuto silili pa pepala lokha.

Pepala likuti alawansi yogonera imaperekedwa ukapita mtunda wopitirira makilomita 50. Silikunena kuti kuchokera pati. Buku likuti kuchokera pa malo ako a ntchito, ndime 3.2, ndipo zimenezi zikusintha zambiri. Amene amakhala pa ofesi ya pa boma akapita ku Dwangwa wapitirira malire, koma mnzathu amene malo ake a ntchito ndi ku Dwangwa komweko sangawerengere kuchokera pa boma. Anthu awiri pa msonkhano umodzi, wina alandira, wina ayi, ndipo ngati pepala silinafotokoze chifukwa chake, amaganiza kuti ine ndikukondera. Mawu anayi okha, kuchokera pa malo anu, akanathetsa mkangano umenewu.

Koma pali funso limene buku lenilenilo silikuyankha. Dera la ku Chia lili mkati mwa makilomita 50 kuchokera pa boma. Nyengo ya chilimwe munthu amapita m'mawa nkubwera madzulo popanda vuto. M'dzinja, Januwale kapena Febuluwale, mvula ikagwa masana kumtunda, timitsinje timene m'mawa unawoloka utangopinda thalauza timadzaza, ndipo wa kabaza amakana. Munthu amagona komweko, osati mwa kufuna kwake. Ndime 3.4 ikuti kugona mkati mwa makilomita 50 kumafuna chilolezo cholembedwa ulendo usanayambe. Nanga mvula munthu angaipemphere chilolezo bwanji isanagwe? M'madera ena netiweki imasowa, moti ngakhale kuimba foni sikutheka. Buku lili chete pa zimenezi, ndipo pepala nalo lili chete.

Pempho langa pano ndi losiyana ndi ena aja. Musalole amene akukonza pepala kuti apeke yankho, ngakhale litakhala lachifundo. Pepala la mafunso lilibe mphamvu yopanga lamulo. Likalonjeza chimene buku silinalonjeze, ine ndidzalipira, owerengera adzakana, ndipo tidzabwerera pomwe tili ndi mayi uja. Funso limeneli libwere pa tebulo panu, mugamule, mulilembe m'buku ngati ndime yowonjezera, kenako litsike pa pepala. Maganizo anga ndi akuti munthu wotsekerezedwa ndi madzi kapena galimoto lowonongeka adziwitse bwana wake akangopeza netiweki, ndipo chilolezo chilembedwe pasanathe tsiku limodzi la ntchito atabwerako. Mwina inu muona njira ina yabwino. Chachikulu nchakuti mvula isanayambe tikhale tikudziwa. Pakadali pano pepala linene zoona, kuti nkhaniyi ikudikira chigamulo, ndipo litchule udindo wa munthu woti afunsidwe. Kukonza pepala lotere kuli ndi ubwino umenewu, kuti kumaulula mabowo a ndondomeko, ndipo ndi bwino bowo lionekere pa tebulo panu kusiyana ndi pa windo langa munthu ali kale ndi matope m'miyendo.

Za masiku obwezera malisiti ndingodutsapo. Pepala likuti masiku asanu. Buku likuti masiku asanu a ntchito. Munthu wobwera Lachinayi, pepala likumupatsa mpaka Lachiwiri, buku likumupatsa mpaka Lachinayi linalo. Ndaona mnyamata wina akubwera Lolemba m'mamawa kuchokera kumudzi, atalipira thiransipoti ya m'thumba mwake, kuthamangira tsiku lomwe silinali lomaliza. Pepala silikunenanso chimene chimachitika ukachedwa, kuti sulandira ndalama ya ulendo wina mpaka utamaliza za woyamba, ndipo pakatha masiku 30 zimadulidwa pa malipiro. Chilango ndi chinthu choti munthu achidziwe asanalakwe.

Ndinenenso za ndalama zenizenizo. Ziwerengero zonse, K60,000, K10,000, K12,000, K15,000, zikhale m'kabokosi kamodzi pamwamba, ndipo pambali pake palembedwe tsiku limene zinayamba kugwira ntchito. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonse ziwirizo mitengo ya zipinda ndi ya thiransipoti inasintha tisanakonzeke. Ziwerengero zathu zidzasinthanso. Zikadzasintha, pepala lakale lidzakhala likuyendabe m'mafoni a anthu, chifukwa chithunzi cha pa WhatsApp sichifa. Ngati pepala lilibe tsiku ndi nambala yosonyeza kuti ndi lachingati, anthu awiri adzabwera kwa ine aliyense ndi chithunzi chake, ndipo palibe adzadziwe kuti chatsopano ndi chiti. Pepala lathu la pano lilibe tsiku paliponse. Tsikulo likhale pamwamba, osati pansi, chifukwa anthu akamajambula pepala la pa khoma ndi foni, mzere wa pansi ndi umene umadulidwa. Ndaona zithunzi zitatu za pepala lathuli m'mafoni a anzanga, ndipo pa ziwiri funso lomaliza palibe.

Zilembo nazo ndi zazing'ono kwambiri. Pofuna kuti mafunso 14 akwane pa pepala limodzi la A4, anazipanikiza moti dalaivala wathu wamkulu, bambo wa zaka zopitirira makumi asanu, amandipempha kuti ndimuwerengere. Mafunso asanu ndi atatu owerengeka aposa khumi ndi anayi osaoneka.

Ndiye pali chiyankhulo. Pepala lili m'Chingerezi chokha, pamene amene amayenda kwambiri m'bungwe lino, madalaivala, alonda operekeza katundu, odzipereka a m'midzi amene timawabwezera thiransipoti, amaganiza ndi kuwerengera ndalama m'Chichewa. Kuseri kwa tsamba kuli mbee. Ikanipo Chichewa. Koma musangopereka kwa munthu kuti amasulire mawu ndi mawu ali yekha mu ofesi, chifukwa msampha womwe uja wa tsiku ndi usiku ukudikira kumeneko. M'Chichewa tikati ndakhalako masiku atatu, wina amawerenga ndi tsiku lonyamuka lomwe, wina ayi. Mawu amene sasokoneza ndi akuti kugona. Mwagonako kangati? Funso limenelo aliyense amaliyankha mofanana, kuyambira mlonda mpaka bwana. Mawu ngati fulubodi asiyeni momwemo chifukwa ndi amene anthu amanena, koma pambali pake fotokozani kuti ndi pamene chipinda ndi chakudya chonse zalipiridwa ndi ena. Ndipo mbali zonse ziwiri zinene kuti pepala likasiyana ndi buku, buku ndilo litsatidwe, ngakhale cholinga chathu nchakuti zisasiyane.

Musanalisindikize kachiwiri, liyeseni. Sizifuna ndalama kapena msonkhano ku nyanja. Tengani anthu asanu amene sanawerengepo buku, dalaivala, mlangizi, mlembi, mlonda ndi bwana mmodzi wa ofesi ya kuboma. Apatseni pepala ndi ulendo wa mayi uja monga ndaulembera pamwambapa, Lolemba pa resitihausi, mausiku awiri ku hotela, Lachinayi pa msewu, aliyense awerengere yekha osafunsa mnzake. Onse asanu akapeza K92,000, funsolo lalembedwa bwino. Wina akapeza K240,000, ndiye kuti mawu a tsiku akadalipo penapake. Wina akapeza K192,000, wamva za mausiku koma za fulubodi sanazione. Wina akapeza K80,000, chakudya cha tsiku lobwerera chabisika. Yankho lolakwika lililonse limakulozerani mzere umene uyenera kukonzedwa. Musawafunse kuti kodi mwamva, chifukwa pamaso pa bwana aliyense amati eya. Apatseni masamu.

Ine ndinayesa kale zimenezi pa ofesi pano ndi pepala limene lilipoli, nthawi ya nkhomaliro, pansi pa mtengo wa mango umene timakhalapo kukatentha. Mwa anthu asanu, anayi anapeza K240,000. Wachisanu anapeza K92,000, koma ndi amene anamva nkhani ya mayi uja.

Choncho zimene ndikupempha ndi izi. Lengezani kuti pepala la panoli laimitsidwa, ndipo uthengawo udutse njira yomwe pepalalo linadutsa, pa WhatsApp pomwepo, kuti ufike kwa onse amene analilandira. Tipatseni ife olipira a m'maboma mlungu umodzi titumize mafunso athu. Gamulani nkhani ya kugona mkati mwa makilomita 50 mvula isanayambe. Fomu yopemphera ndalama nayo ikonzedwe, chifukwa mpaka pano ili ndi kabokosi ka chiwerengero cha masiku, ndipo ilibe pofunsa ngati pogona palipiridwa ndi ena. Pepala likati mausiku, fomu nkumati masiku, anthu adzatsatira fomu, popeza ndi imene ili m'manja mwawo polemba.

Ndipo za mayi uja. Sindikunena kuti K148,000 ikhululukidwe, chifukwa ndikudziwa kuti ndi ndalama ya pulojekiti ndipo iyenera kuwerengedwa. Koma kuidula yonse m'miyezi iwiri, monga kalata ya ku likulu yanenera, ndi kumulanga ngati munthu amene anabisa kanthu, pamene iye anachita zimene pepala lanu, bwana wake ndi ine tinamuuza kuti nzolondola. Ndikupempha kuti mumupatse miyezi isanu ndi umodzi, komanso kuti mu fayilo yake mulembedwe kuti kulakwako kunachokera pa pepala la mafunso, kuti isadzamutsate pa nthawi yowunika ntchito yake. Ndikudziwanso anthu ena awiri pa ofesi pano amene anayenda m'milungu iwiri yoyamba ija, buku lisanafike, ndipo mafomu awo ali pa desiki panga. Sindinawatumize ku likulu. Ndikudikira yankho lanu kuti ndidziwe chowauza.

Ine wanu pa ntchito,

Wothandizira za ndalama,
ofesi ya Nkhotakota